MBIRI YA CHIYANKHULO CHIMENE CHINABADWIRA PA MALONDA

Kum'mawa kwa dziko la Australia kuli nyanja yaikulu ya Pasifiki, ndipo m'nyanjamo muli zisumbu zambirimbiri zokhalamo anthu akuda. Anthu a m'zisumbuzi sayankhula chinenero chimodzi ai. M'dziko la Papua New Guinea mokha muli zinenero zoposa 800, kotero kuti munthu akhoza kuyenda ulendo wa tsiku limodzi nafika pamudzi pamene samva kanthu ngakhale moni. Koma lero lino munthu wa kumapiri akakomana ndi mnzake wa kugombe amamvana m'chinenero chotchedwa Tok Pisin, chimene zaka 200 zapitazo kunalibe ndi mmodzi yemwe wochiyankhula.

Chiyambi chake chinali mtengo wina wonunkhira. M'chaka cha 1825 mwini chombo wina, dzina lake Peter Dillon, anaona kuti pachisumbu cha Erromango, m'dziko limene lero litchedwa Vanuatu, pali mitengo yambiri ya sandalo. Mtengo umenewu unali ndi malonda aakulu ku China, kumene anthu ankaufukiza m'nyumba zawo zopembedzeramo. Tsono kuyambira cha m'ma 1840 zombo zochokera ku Sydney zinayamba kufika kawirikawiri kudzagula mitengoyo, zitasenza nkhwangwa, mipeni, nsalu, mikanda ndi fodya. Amalondawo ankafunanso kanyama kena ka m'nyanja kooneka ngati nkhaka, kamene Atchaina amakakonda mumsuzi. Kanyamaka kanali ndi ntchito yambiri: kukavuula, kukawiritsa, kukatumbula, ndi kukaumika pautsi. Chifukwa cha ichi amalonda ena anamanga misasa pagombe nakhala pamenepo miyezi yambiri, nalemba antchito ochokera ku zisumbu zina.

Pagombe paja panali vuto. Wogula sadziwa chinenero cha wogulitsa, wogulitsa sadziwa cha wogula, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene anali ndi nthawi kapena mtima wophunzira cha mnzake. Poyamba ankaloza ndi chala ndi kuwerenga ndi manja. Koma manja sangathe kunena kuti chombo chibweranso mwezi ukakhala, kapena kuti nkhwangwa iyi njobuntha. Motero eni dziko anayamba kutola mawu amene ankawamva kawirikawiri pakamwa pa amalinyero, nawatchula monga momwe lilime lawo linazolowerera. Amalinyero nawonso anaona kuti amveka msanga akataya timawu tonse tokometsera nasiya maina a zinthu ndi aneni ochepa. Chiyankhulo chotere akatswiri amachitcha pijini. Ambiri amati dzinali linachokera kugombe la China, kumene mawu a Chingerezi otanthauza malonda ankatchulidwa mopotoka.

Mawu ambiri anali a Chingerezi, pakuti eni zombo anali Angerezi. Koma ena anali atayenda kale ndi amalinyero m'madoko a kutali. Mawu akuti save, kudziwa, ndi pikinini, mwana, ngochokera ku Chipwitikizi. Mawu akuti kaikai, kudya kapena chakudya, ngochokera ku zisumbu za Polinesiya. Pijini yoyambayo inali yosauka ndithu. Inalibe malamulo okhazikika, munthu aliyense ankasanja mawu monga anathera, ndipo chombo chikachoka aliyense ankabwerera ku chinenero cha amake.

Zikanathera pamenepo, chiyankhulochi chikanafa pamodzi ndi malonda a sandalo, pakuti pofika m'ma 1860 mitengoyo inali itatha kudulidwa. Koma m'chaka cha 1863 zombo zinayamba kusenza katundu wina, ndiye anthu. Azungu a ku Queensland, m'dziko la Australia, anafuna manja olima thonje, ndipo pambuyo pake nzimbe. Kufikira chaka cha 1904 anthu pafupifupi 60,000 a m'zisumbu anatengedwa kunka kumeneko, ena mofuna okha, ena monyengedwa, ena mochita kubedwa. Ajeremani nawonso anali ndi minda ya kokonati ku Samoa, ndipo ambiri a antchito awo ankawatenga ku zisumbu zoyandikana ndi New Guinea. Pangano la ntchito linali la zaka zitatu.

Apa mpamene pijini inasandulika. Pagombe paja anthu ankaigwiritsa ntchito poyankhula ndi Mzungu yekha; kumunda kuno anaifuna poyankhulana okhaokha. M'nyumba imodzi munkagona amuna a zinenero khumi kapena kuposa. Madzulo ataweruka anafunikira kugawana chakudya, kukangana, kukhululukirana, kusimba za kwawo ndi kulira mnzawo akamwalira. Mawu a pamsika sanakwanire zonsezi, ndipo Chingerezi chenicheni sakanachiphunzira, pakuti kapitawo wachizungu ankangowalalatira mawu ochepa olamula. Motero anatenga mawu a Chingerezi aja nawamanga pa mapaso a zinenero za kwawo, zimene ngakhale zinali zosiyana m'mawu, zinali zofanana kwambiri m'kamangidwe.

Umboni wake uli m'mawu akuti ife. M'Chingerezi, ngakhalenso m'Chichewa, munthu akati "ife tipita" womvayo sadziwa ngati iyenso awerengedwa paulendowo kapena ai. Zinenero zambiri za m'zisumbuzo zimasiyanitsa ziwirizi, ndipo antchito aja sanalole kutaya kusiyana kumeneku. Analumikiza mawu a Chingerezi otanthauza iwe ndi ine napanga yumi, ndiye ife pamodzi ndi iwe; napanganso mipela, ndiye ife popanda iwe. Mlendo wosadziwa akalalikira nati mipela ndife ochimwa, ndiye kuti wauza omvera kuti iwo alibe tchimo. Mngerezi sanawaphunzitse zimenezi, pakuti iye mwini alibe.

Chinthu china ndi kamchira kakuti -im kamene amaika pa mneni pamene ntchito igwera chinthu china. Akati wara i boil ndiye kuti madzi awira. Akati meri i boilim wara ndiye kuti mkazi awiritsa madzi. Mchewa sangavutike kumva zimenezi, pakuti kuwira ndi kuwiritsa zisiyana m'njira yomweyo. Pamene mawu anasowa, ankafotokoza chinthu ndi mawu amene analipo: gras ndi udzu, motero tsitsi linakhala gras bilong het, udzu wa kumutu, ndipo ndevu zinakhala mausgras, udzu wa pakamwa. Azungu ambiri ankaseka pomva zotere, namati anthuwa alephera Chingerezi. Analakwa, pakuti Mngerezi woyesa kuyankhula Tok Pisin mongoswa Chingerezi chake samveka ndi pang'ono pomwe. Chiyankhulochi chili ndi malamulo ake, ndipo wowaphwanya amadziwika msanga.

M'chaka cha 1884 Ajeremani anatenga kumpoto cha kum'mawa kwa New Guinea, nalamulira kufikira 1914. Zaka 30 zimenezi zinathandiza pijini kuima payokha, popeza Chingerezi sichinalinso pafupi kuti anthu azitolako mawu. Likulu la boma linali m'dziko la mtundu wa Atolai, pafupi ndi Rabaul, ndipo mawu ambiri a Chitolai analowa: kiau, dzira, diwai, mtengo, pukpuk, ng'ona, ndi balus, njiwa, mawu amene pambuyo pake anatanthauzanso ndege. Ajeremani anasiyamo ochepa, monga rausim, kuchotsa, ndi beten, kupemphera. Apolisi, antchito a m'minda ndi aphunzitsi a mishoni anachifalitsa m'midzi, ndipo anyamata ankachiphunzira kwa achimwene awo obwera kuntchito pokonzekera ulendo wawo.

Komabe nthawi yonseyi chinali chinenero chachiwiri cha munthu aliyense. Panalibe mwana wochiyamwira. Wowerenga amene anamvapo Chilapalapa kwa akuluakulu obwera ku Joni kapena ku Wankie adziwa bwino chiyankhulo cha mtundu umenewu. Chilapalapa, chimene mawu ake ambiri nga Chizulu, chinayankhulidwa ndi amuna zikwizikwi m'migodi kwa zaka zambiri, koma sichinakhale chinenero cha pabanja. Chifukwa chake nchoonekeratu: amunawo ankagona m'komboni okhaokha, akazi atawasiya kumudzi, ndipo ana ankakula ndi chinenero cha amayi awo.

Ku New Guinea zinthu zinayenda mwina. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, matauni monga Lae ndi Rabaul anakula, ndipo akazi nawonso anafika. Mnyamata wa kumtsinje wa Sepik anakwatira namwali wa kuchisumbu cha Manus, awiriwo osamvana m'chinenero china koma Tok Pisin. Mwana wawo anatonthozedwa m'chiyankhulo chimenechi, nadzudzulidwa m'chomwecho, ndipo potuluka kukasewera anapeza anzake akuyankhula chomwecho. Pijini ikakhala chinenero choyamba cha ana motere, akatswiri amaitcha kiliyoli.

Kodi ana amachita nacho chiyani chiyankhulo chotere? M'chaka cha 1971 akatswiri awiri, Gillian Sankoff ndi Suzanne Laberge, anajambula mawu a makolo ndi ana awo ku Lae nawayerekeza. Anayang'anitsitsa mawu osonyeza zam'tsogolo. M'masiku a malonda munthu ankati baimbai mi go, ndiko kunena kuti bwino lake ine kupita. Mawu akuti baimbai anali olemera, oima paokha patsogolo pa chiganizo. Makolo a ku Lae anali atawafupikitsa kale kukhala bai, ndipo nthawi zambiri ankawaika pafupi ndi mneni, monga em bai i go, iye adzapita. Koma makolowo ankawatchulabe momveka ndi mwamphamvu. Ana ankawapeputsa kwambiri, kotero kuti kawirikawiri kankangomveka kaphokoso kakang'ono kotsamira pa mawu oyandikana nako. Mawu amene kale anali paokha anali panjira yosanduka kachizindikiro ka nthawi, monga -dza- wa m'Chichewa m'mawu akuti ndidzapita.

Anawo ankayankhulanso mofulumira koposa makolo awo, nameza mawu amene amabwera kawirikawiri. Bilong anasanduka blo, ndipo long, mawu otanthauza ku, pa kapena mu, anasanduka lo. Wophunzira chinenero atakula amatchula liwu lililonse mosamala poopa kusamveka. Mwana wobadwira m'menemo alibe mantha otero. Ichi ndicho chizindikiro chimodzi chodziwira mwini chinenero pakati pa anthu ochiyankhula.

Pano pali chinthu chofunika kusamala. Ena amaphunzitsa kuti ana ndiwo amapanga malamulo onse a kiliyoli, ngati kuti makolo anawapatsa mulu wa njerwa chabe. Mbiri ya Tok Pisin sivomereza zimenezi kwathunthu. Yumi, mipela ndi -im zinapangidwa ndi akuluakulu m'minda muja, ana asanabadwe. Ana anapeza nyumba itaima kale, ndipo ntchito yawo inali kutsiriza, kusalaza ndi kukhalamo usana ndi usiku. M'maiko ena, monga m'zisumbu za Karibiyani kumene akapolo ochokera ku Afrika anaunjikidwa m'minda ya nzimbe, zinthu zinachitika kalekale ndipo zolembedwa nzochepa. Nchifukwa chake akatswiri amakanganabe za gawo la ana kumeneko. Ku New Guinea kusandulikaku kunachitika pamaso pa anthu okhala ndi makina ojambulira mawu.

Sikuti onse anakondwera nacho. M'chaka cha 1953 nthumwi za bungwe la Mgwirizano wa Maiko zitayendera dzikolo zinalangiza boma la Australia kuti lithetse pijini, poti inali chikumbutso cha utsamunda. Langizolo silinaphule kanthu, pakuti chiyankhulocho chinali chitaleka kale kukhala cha bwana ndi wantchito. Chipangano Chatsopano chinasindikizidwa m'Tok Pisin mu 1969, nyuzipepala yotchedwa Wantok inayamba kutuluka mu 1970, ndipo dzikolo litalandira ufulu mu 1975 aphungu anapitiriza kutsutsana m'chiyankhulo chimenechi m'nyumba ya malamulo. Alongo ake awiri a Tok Pisin, obadwira m'minda yomwe ija, ali moyo nawonso: Pijin wa ku zisumbu za Solomon, ndi Bislama wa ku Vanuatu, amene dzina lake linachokera ku dzina la kanyama kooneka ngati nkhaka kaja.