Hashitagi ya Biwi inandiponya ku India: mmene mungasankhire ndi kuyesera mawu osakira

Tsiku lina paipi inaphulika ku Biwi, madzi n'kumangotayika mumsewu pomwe mipope ya anthu ili gwa. Ndinajambula, n'kuponya pa Facebook ndi #Biwi pansi pake, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti anthu a m'deralo aona. Madzulo nditadina hashitagiyo ndinapeza mavidiyo a nthabwala za m'banja ochokera ku India ndi Pakistan. Kani m'Chihindi ndi m'Chiudu mawu oti biwi amatanthauza mkazi wapabanja. Positi yanga inamira mmenemo, ndipo bandulo yanga inapita pachabe.

Chiyambire tsiku limenelo, mawu aliwonse ndimayamba ndawasaka ndisanawagwiritse ntchito. Ndimawalemba mosakira mwa Facebook, X kapena TikTok, n'kuwerenga mapositi 20 oyamba. Ambiri akakhala a ku Lilongwe komanso atsopano, mawuwo ndi abwino. Akakhala a kunja, ndiye kuti muli kale eni ake. Akakhala atatu okha, a zaka zapitazo, palibe amene amadutsako.

Mayina a madera athu ali ndi misampha yake. Kawale ndi dzinanso la anthu, moti mukasaka mumakumana ndi nkhani za a Sam Kawale amene anali nduna ya zaulimi. Area 25 ndi Area 23 pa Google zitha kukubweretserani zachipatala, poti madokotala ali ndi zigawo za ubongo zomwe amazitchula Brodmann area 25 ndi 23. Mankhwala ake ndi amodzi: phatikizani dzina la mzinda. #BiwiLilongwe kapena #Area25Lilongwe ndi zazitali ndithu, koma amene wafikapo ndi wathu. Chinsapo ilibe vuto lalikulu lotere, kungoti ena amalemba Chisapo, ndiye mkati mwa nkhani ndimaponyamo kalembedwe kenako kamodzi.

Hashitagi imaduka pamene pali mpata kapena chizindikiro. Mukalemba #Area 25, imene yagwira ndi #Area basi. Kachizindikiro ka mu ng' nakonso kamadula, moti #Ng'ombe imasanduka #Ng. Ndipo ngakhale tonse timati "ndikupita ku 25", pa X manambala okha sapanga hashitagi, #25 siidinika. Zilembo zazikulu sizisintha zotsatira, zimangothandiza kuwerenga. Onetsetsaninso kuti positi ili pa Public, apo ayi aziona anzanu okha. Pa WhatsApp musavutike n'komwe, hashitagi siibweretsa munthu wachilendo.

Koma kunena zoona, mayi wa ku Mgona amene mpope wake wauma sasaka hashitagi. Amalemba zimene zili kukhosi: "madzi Mgona lero", mwinanso kusakaniza ndi Chingerezi. Choncho chiganizo choyamba n'chofunika kuposa mahashitagi khumi. Positi ya ku Biwi ija ndinaiyamba ndi "Abale, taonani izi!", mawu osauza makina osakira chilichonse. Lero ndikanalemba kuti "Madzi asiya ku Biwi, Lilongwe: paipi yaphulika", tsiku lake, kenako mahashitagi awiri kapena atatu. Mawu oterewa ndimawatola m'magulu a m'dera ndi mu minibasi, komanso pa zimene Google imamalizitsa yokha ndikayamba kulemba.

Poyesa, musadalire foni yanu. Facebook imadziwa kuti positiyo ndi yanu komanso zimene mumakonda, ndiye itha kukuikirani pamwamba, inu n'kumasangalala. Bwerekani foni ya munthu amene sakutsatirani, asake mawuwo mmene iye angalembere. Pa Google, kuti muone ngati nkhani yanu yalowa n'komwe, lembani chonchi, m'malo mwa example.com muike dzina la tsamba lanu:

```
site:example.com "Biwi" madzi
```

Osatuluka kanthu, mwina Google sinaipeze, ndiye mawu anu musawaweruze msanga. Dikirani masiku angapo.

Amene muli ndi tsamba lanu, Google Search Console ndi yaulere. Pa Performance, pansi pa Queries, pamaoneka mawu amene anthu analemba asanakuoneni. Tinene kuti Impressions zili 200 koma Clicks 4: anthu awiri okha pa 100 aliwonse ndi amene adina. Mawuwo akukufikitsani pamaso pa anthu, ndiye mwina mutu sukukopa, mwina muli pansi kwambiri, kapena akukuonaniwo si a kuno. Dinani Countries muone ngati ndi Malawi. Impressions zikakhala zochepa, mwina muli kutali pa mndandanda kapena mawuwo sasakidwa.

Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasintha hashitagi, chithunzi ndi nthawi yoponyera pamodzi, simudziwa chathandiza n'chiti. Ine ndimayesa pa nkhani zofanana, za madzi ndi za madzi zinzake, ola lofanana, kwa milungu iwiri, n'kumalemba m'kope. Ma Like sindiwawerengera kwenikweni, poti ambiri ndi a achibale. Ndimawerenga anthu osawadziwa amene ayankha motchula malo, monga uja wolemba kuti "kuno ku Kawale 2 abwera cha m'ma 4."