Fisi Uja Ankadziwa Khomo

Mukakwera phiri la Zomba n'kukaima pamalo aja anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, tauni yonse imakhala kunsi kwa mapazi anu. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona nyanja ya Chilwa, ndipo kutsogolo uko chigwa cha Phalombe chimatambalala mpaka kukagunda phiri la Mulanje. Anzanga akafika apa amathamangira kutulutsa mafoni. Ine ndimangoyang'ana chigwacho n'kukumbuka agogo anga aakazi, omwe anakulira komweko nthawi imene afisi ankadya anthu.

Izi si nthano ayi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, afisi anapha anthu 27 m'dera limenelo, malinga ndi zomwe analemba mzungu wina dzina lake Balestra mu 1962. Ambiri ankagwidwa cha mu Seputembala. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndi nthawi yotentha, anthu amayala mphasa pakhonde n'kugona panja, ndipo tchire limakhala litapsa moti nyama zomwe fisi amadya zathawira kutali. Fisi wanjala amapeza munthu ali mtulo, nkhope ili pamtunda, n'kuluma pomwepo. Afisi awiri omwe anaphedwa kumeneko ankalemera makilogalamu 72 ndi 77, zilombo zikuluzikulu ndithu.

Tsiku lina ndili ku sekondale ndinawafotokozera agogo zonsezi, monyadira sukulu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Wamaliza? Mwanawe, fisi wakutchire amathawa munthu. Uja ankadziwa khomo."

Mawu amenewa ndawasinkhasinkha zaka zambiri. Agogo sankatsutsa za kutentha kapena za moto wa tchire. Funso lawo linali lina: pakhonde pagona anthu ambiri, m'mudzi muli makomo ambiri, nanga bwanji chilombocho chadumpha onsewo n'kukatenga mwana wa uje, yemwe bambo ake anakangana ndi amalume awo za munda mwezi watha? Sayansi imayankha kuti chapha n'chiyani. Anthu amaliro amafuna kudziwa kuti wapha ndani. Munthu wosanduka fisi amabadwira pakati pa mafunso awiriwa.

Ndipo fisiyo amachita ngati akudziitanira yekha mlandu. Amayenda usiku, amaseka ngati munthu, amadya mitembo n'kuphwanya mafupa omwe. Kwathu kuno mfiti timaidziwanso ndi zomwezi: kuyenda usiku ndi kudya maliro. Onjezani kuti fisi wamkazi ziwalo zake zimaoneka ngati za wamphongo, moti anthu akale m'maiko ambiri ankati amasinthasintha, chaka chino wamkazi, chaka chamawa wamwamuna. Ngakhale chilankhulo chathu chinamugwira kale. Mwamuna wolowa m'nyumba ya eni usiku kukachita mwambo, woti kukacha aliyense azinamizira kusamudziwa, timamutcha chiyani? Fisi.

Nthano yomwe inkandisowetsa tulo ndili mwana ndi ija ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi, mpaka kunabwera mlendo wooneka bwino, wovala bwino. Anamulola pompo, n'kutengedwa kupita kwawo kwa mwamunayo. Kamlongo kake ka manthongo m'maso, komwe iye ankakathamangitsa pochita nako manyazi, kanawatsatira mobisala. Usiku, poti maso ankakawawa, sikanagone, ndipo ndi komwe kanaona mlamu wake ndi abale ake atasanduka afisi, akuzungulira nyumba, akudikira kuti mkwatibwi anenepe. Ndili mwana ndinkangoona mano. Pano ndikuona ukwati. Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala pa chikamwini, pamaso pa apongozi ndi amalume. Mtsikana wa m'nthanoyi anachita zosiyana: anapita kuchitengwa, kutali, kwa munthu yemwe palibe ankadziwa mbumba yake. Anamupulumutsa ndi mlongo wake, yemwe pamwambo wathu ndiye nkhoswe ya mawa. Choopsa m'nthanoyi si nyama. Ndi munthu wogona naye mphasa imodzi koma usakumudziwa.

Komatu si kusanduka konse komwe timakuopa. Akuluakulu ankanena kuti mafumu ena akamwalira amabwerera ali mkango, ndipo mkango wotero ankaupatsa ulemu. Gule Wamkulu akatuluka ku dambwe timati ndi chilombo, n'kumaombera m'manja dzuwa likuswa mtengo. Kusanduka kumeneku kuli ndi nthawi yake, malo ake ndi eni ake. Komwe kumatiumitsa pakamwa ndi kwamseri, kwa munthu yemwe m'mawa anakupatsa moni pachitsime.

Nanga umboni unkapezeka bwanji? Apa ndi pomwe nkhaniyi imaipa. Pafupifupi nthawi zonse umboni ndi bala. Mwalasa fisi mwendo wakumanzere usiku, mawa lake mkulu wina sakutuluka m'nyumba, akuti mwendo wakumanzere ukuwawa. Basi, nkhani yatha. Chodabwitsa n'chakuti azungu nawonso ankaweruza chimodzimodzi. Kwawo kulibe afisi, ndiye munthu ankasanduka mmbulu. Mu 1589 ku Bedburg, pafupi ndi Cologne m'dziko la Germany, mlimi wina dzina lake Peter Stumpp anaphedwa mwankhanza pa mlandu umenewu. Atamuzunza anavomera kuti anali ndi lamba wochokera kwa Satana yemwe akamuvala ankasanduka mmbulu. Akuti analibe dzanja limodzi, ndipo mmbulu womwe unkasautsa anthu unalinso woduka phazi. Lambayo sanapezeke. Vuto la umboni wa bala ndi lakuti m'mudzi uliwonse wa alimi, tsiku lililonse, mumapezeka wina wotsimphina. Mumayamba mwasankha munthu, bala mumalipeza pambuyo.

Tsopano tsikani phiri mubwerere m'tauni, chifukwa yankho la boma linachokera momwemo. Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo mu 1911 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la za ufiti lomwe tikugwiritsabe ntchito. Lamuloli linaletsa kumwetsa mwabvi, linaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, linaletsanso munthu kudzitcha mfiti. Mwachidule, pamaso pa lamulo palibe amasanduka fisi, wolakwa ndi wonenayo. Ine ndikuona kuti lamuloli linapulumutsa miyoyo, makamaka ya nkhalamba. Koma kumudzi linamveka ngati boma laikira kumbuyo afiti, ndiye milandu yotere inangochoka pabwalo n'kulowa mumdima. Funso la agogo lija silinapite kukhoti. Mu 2003, chilombo chitapha anthu ku Dowa n'kuthawitsa ena masauzande m'midzi yawo, a boma anati ndi fisi wachiwewe, koma ambiri mwa othawawo sanavomereze.

Ndinawafunsapo agogo ngati kwawoko anamupeza mwini wake wa fisi. Anati anthu ankanong'onezana za mkulu wina wobwera, mkamwini yemwe mkazi wake anali atamwalira koma iye osabwerera kwawo. Ankatsimphina. Palibe anamumenya, poopa boma. Anthu anangosiya kukapala moto kunyumba kwake, ana analetsedwa kudutsa pakhomo pake, pamowa chipanda chinkamudumpha. Mvula isanagwe anamanga katundu wake n'kulowera cha ku Mozambique.

"Ndiye afisi aja anasiya, agogo?"

Anakhala chete, akutongola chimanga. "Chaka chotsatira anatenga mwana wa achemwali anga," anatero. "Koma mkulu ujanso ankatsimphina kuyambira kale, asanabwere n'komwe kwathu."