Kuyesa mafuta atsopano odzola: tsiku limodzi silikwanira

Mafuta odzola amene munthu wagula pa msika wa Karonga, kaya ndi a m'dziko muno kapena olowera pa chipata cha Songwe, ayenera kuyesedwa pa kachigawo kochepa ka khungu asanafike kumaso. Ambiri amapaka kamodzi, ndipo akaona kuti kwacha bwino amayamba kudzola thupi lonse. Koma thupi likadana ndi mankhwala ena a m'mafuta, zizindikiro zimachedwa, nthawi zambiri zimaoneka pakatha tsiku limodzi mpaka atatu.

Bungwe la madokotala a khungu ku America, la American Academy of Dermatology, limalangiza kuyesa kwa masiku 7 mpaka 10. Woyesa asankhe malo opanda bala mkati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, aakulu ngati chitsekerero cha botolo. Azipaka pomwepo kawiri pa tsiku, monga momwe angadzolere masiku onse. Ngati ndi sopo wakumaso, amutsuke pakatha mphindi zisanu kapena nthawi yolembedwa pa botolo. Ayese chinthu chimodzi chokha, kuti vuto likabuka gwero lake lidziwike.

Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Malowo akhoza kungoderapo kapena kutuwa, choncho ndi bwino kuwaona pa kuwala kwa dzuwa ndi kuwasisita ndi chala kuti kutupa ndi tiziphuphu zimveke.

Tiyerekeze kuti mayi wayamba kuyesa Lolemba m'mawa. Ngati pakuwotcha nthawi yomweyo, ndipo ululu uli pokhapo pamene wapaka, ndiye kuti mafutawo ndi aukali pa khungu lake. Koma ngati Lolemba ndi Lachiwiri padali bwino, kenako Lachitatu pakuyabwa kwambiri, patupa, patuluka timatuza, mwinanso vuto lafalikira kupyola malire a popakapo, ndiye kuti thupi ladana nawo. Kudana kotere kawirikawiri sikutha, ndipo kudzola mokakamira kumangokulitsa vuto. Zonsezi zikachitika, atsuke ndi madzi ambiri ndi kusiyiratu mafutawo.

Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja ku Karonga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumatulutsanso tiziphuphu ta thukuta. Njira yosiyanitsira ndi kuona mkono winawo: ngati nawonso watuluka tiziphuphu pamalo ofanana, mwina vuto ndi thukuta.

Kuyesaku kuli ndi malire ake. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu oletsa kutupa ndi kuyabwa, motero pa mkono saonetsa vuto, koma pakapita miyezi amapyapyalitsa khungu.

Matuza akachuluka, kapena kuyabwa kukapitirira masiku angapo atasiya kupaka, munthu apite ku chipatala atatenga botolo la mafutawo. Milomo kapena zikope zikatupa, kapena kupuma kukavuta, athamangire ku chipatala cha boma cha Karonga kapena china chapafupi nthawi yomweyo.