Mizere Yosonyeza Kukwera kwa Malo

Iyi ndi mizere ya pamapu yolumikiza malo onse okwera mofanana. Ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, monga m'mapiri. Ikatalikirana, ndi achidikha.

Tiyerekeze kuti mzere uliwonse ukusiyana ndi unzake mita 1 kukwera kwake, ndipo pansi yatalikirana mamita 10. Nyumba ya mamita 8 m'lifupi, yogona motsata mizereyo, ipeza kusiyana kwa masentimita 80. Mmisiri amakumba masentimita 40 kumtunda, n'kuthira dothilo kumunsi. Koma maziko azifika pa nthaka yosakumbidwa, chifukwa dothi lothira limatitimira, khoma n'kuchita ming'alu. Kumtunda kwa nyumba amakumbako ngalande yopatutsa madzi amvula.