Njira ya zala ziwiri: kupeza manambala awiri okwana chiwerengero chomwe mukufuna

Njira ya zala ziwiri ndi njira yomwe anthu olemba mapulogalamu a kompyuta amagwiritsa ntchito pofufuza mumndandanda wa manambala. Funso lake limakhala ili: pa manambala onsewa, kodi alipo awiri amene tikawaphatikiza akwana chiwerengero chakuti? M'mabuku a kompyuta dzina lake mudzaliona litalembedwa kuti `two pointers`. Mungathe kuiphunzira popanda kompyuta. Pepala, cholembera ndi zala zanu ziwiri n'zokwanira.

Funso lenilenilo

Tiyerekeze kuti muli ndi mametikali 100 ndipo mukufuna kugula zinthu ziwiri. Wogulitsa alibe chenje, choncho mitengo iwiriyo iyenera kukwana 100 ndendende. Mitengo ya katundu wake ndi iyi:

10, 15, 30, 45, 55, 65, 80, 95

Taonani mmene yalembedwera. Yayambira paung'ono n'kumakwera mpaka paukulu. Mndandanda wotere timati ndi wosanjidwa. Njira ya zala ziwiri imadalira kusanjaku, ndipo muona chifukwa chake kutsogoloku.

Munthu angathe kuyesa nambala iliyonse ndi inzake iliyonse: 10 ndi 15, 10 ndi 30, 10 ndi 45, mpaka onse atha. Yankho lipezeka ndithu, koma ntchito yake ndi yambiri. Pa manambala 8 okhawa pali mitundu 28 ya awiriawiri yoti muyese. Njira ya zala ziwiri imamaliza ntchito yomweyo pophatikiza kosapitirira ka 7.

Malamulo ake

Ikani chala chakumanzere pa nambala yoyamba, yaing'ono pa onse. Ikani chala chakumanja pa nambala yomaliza, yaikulu pa onse. Phatikizani manambala awiri amene zala zikuloza, ndipo muone chomwe chatuluka.

Ngati chakwana ndendende, mwapeza, ntchito yatha.

Ngati chaperewera, sunthani chala chakumanzere malo amodzi kulowera kumanja, kuti chifike pa nambala yokulirapo.

Ngati chapitirira, sunthani chala chakumanja malo amodzi kulowera kumanzere, kuti chifike pa nambala yocheperapo.

Bwerezani zimenezi mpaka mutapeza, kapena mpaka zala zitakumana pa nambala imodzi. Nthawi iliyonse chala chimodzi chokha ndicho chimasuntha, ndipo palibe chala chobwerera m'mbuyo.

Tiyeni tiyese pamodzi

Lembani mitengo ija papepala, muike zala, tiyendere limodzi. Tikufuna 100.

Poyamba zala zili pa 10 ndi 95. Kuphatikiza, tipeza 105. Yapitirira, ndiye chala chakumanja chichoke pa 95 chipite pa 80.

Tsopano 10 ndi 80 ndi 90. Yaperewera. Chala chakumanzere chipite pa 15.

15 ndi 80 ndi 95. Yapereweranso. Chakumanzere chipite pa 30.

30 ndi 80 ndi 110. Yapitirira. Chakumanja chipite pa 65.

30 ndi 65 ndi 95. Yaperewera. Chakumanzere chipite pa 45.

45 ndi 65 ndi 110. Yapitirira. Chakumanja chipite pa 55.

45 ndi 55 ndi 100. Basi, mwapeza. Gulani chinthu cha 45 ndi cha 55.

Kodi sitingadumphe yankho?

Mwina mukufunsa kuti: "Nanga 95 uja tamusiya titangomuyesa kamodzi kokha, tadziwa bwanji kuti sakanagwirizana ndi nambala ina?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo mtima wa njira yonseyi.

Tinaphatikiza 95 ndi 10. Kumbukirani kuti 10 ndiye wamng'ono pa onse. Ngati 95 wapitirira 100 ali ndi mnzake wamng'ono chotere, ndiye kuti ndi 15, 30 kapena wina aliyense apitirira kwambiri. Palibe amene angamuthandize kutsika. Choncho 95 tingamufute ndi mtima umodzi, osayesanso.

Mbali inayo n'chimodzimodzi. Tinaphatikiza 10 ndi 80, tinapeza 90. Pa nthawi imeneyo 95 anali atachoka kale, ndiye wamkulu pa otsala anali 80. Ngati 10 walephera kufika pa 100 ali ndi wamkulu pa onse otsala, ndi ena ang'onoang'ono sangafike n'komwe. Nayenso tingamufute.

Mwaona tsono kuti nthawi iliyonse tikaphatikiza, nambala imodzi imatuluka m'mpikisano, ndipo imatuluka titatsimikiza kuti ilibe mnzake. Nambala imene ili mbali ya yankho loona siingafutidwe mnzake akadalipo. N'chifukwa chake ngati yankho lilipo, zala zidzalipeza.

Apanso ndi pamene pachokera kufulumira kwake. Manambala akakhala 8, tingafute 7 okha kuti patsale imodzi. Akakhala 1000, tiphatikiza kosapitirira ka 999. Kuyesa aliyense ndi mnzake pa manambala 1000 omwewo kungafune kuphatikiza ka 499500 ngati yankho palibe.

Pamene yankho palibe

Tiyese mndandanda womwe uja, koma tsopano tikufuna 130.

10 ndi 95 ndi 105, yaperewera. 15 ndi 95 ndi 110, yaperewera. 30 ndi 95 ndi 125, yapereweranso. 45 ndi 95 ndi 140, yapitirira, 95 achoke. 45 ndi 80 ndi 125, yaperewera. 55 ndi 80 ndi 135, yapitirira, 80 achoke. 55 ndi 65 ndi 120, yaperewera.

Chala chakumanzere chikasuntha tsopano, chifika pa 65, pomwe pali kale chakumanja. Zala zakumana. Apa imani. Yankho ndi lakuti palibe manambala awiri okwana 130.

Samalani pamenepa, chifukwa pali msampha. Mukapitiriza kuphatikiza zala zili pamodzi, munena kuti 65 ndi 65 ndi 130, n'kuganiza kuti mwapeza. Koma 65 alipo mmodzi yekha pamndandanda. Mwamuwerenga kawiri. Zikanakhala zololedwa 65 akanalembedwa kawiri, chala chilichonse n'kuloza wakewake.

Mndandanda ukakhala wosasanjidwa

Cholakwika chachikulu ndi kugwiritsa ntchito njirayi pa manambala osakanikirana. Taonani awa: 80, 45, 55, 10. Tikufuna 100.

80 ndi 10 ndi 90, yaperewera, chakumanzere chisunthe. 45 ndi 10 ndi 55, yaperewera, chisunthenso. 55 ndi 10 ndi 65, yaperewera, chisunthenso. Zala zakumana pa 10, ndipo njirayi ikuti yankho palibe. Komatu 45 ndi 55 ali pomwepo, maso akuwaona.

Chalakwika n'chiyani? Tinamufuta 45 poganiza kuti wayesedwa ndi wamkulu pa onse otsala. Koma kumapetoko kunali 10, wamng'ono. Kuopsa kwake n'kwakuti palibe chimene chimakuchenjezani. Ngakhale kompyuta imangopereka yankho lolakwikalo mwakachetechete. Choncho musanaike zala, yendetsani maso kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Mukapeza nambala yocheperapo kuposa yomwe yaitsogolera, mndandandawo sunasanjidwe. Yambani mwausanja.

Kusanja nako ndi ntchito, ndipo pa manambala ambiri kumatenga nthawi yoposa kufufuza kwenikweniko. Kumasinthanso malo a manambala. Ngati mukufuna kudziwa kuti mtengo wa 45 unali wa katundu uti, lembani dzina la katunduyo pambali pa mtengo wake musanasanje.

Mmene amalembera pakompyuta

Kompyuta ilibe zala. M'malo mwake imasunga manambala awiri osonyeza malo pamndandanda. M'chinenero cha pulogalamu chotchedwa Python, malo oyamba amawerengedwa 0, osati 1. Choncho pa mitengo 8 ija, 10 ali pamalo 0 ndipo 95 ali pamalo 7.

```python
def peza(manambala, cholinga):
    kumanzere = 0
    kumanja = len(manambala) - 1
    while kumanzere < kumanja:
        zonse = manambala[kumanzere] + manambala[kumanja]
        if zonse == cholinga:
            return manambala[kumanzere], manambala[kumanja]
        if zonse < cholinga:
            kumanzere += 1
        else:
            kumanja -= 1
    return None
```

Musade nkhawa ndi zizindikirozo. Ndi malamulo omwe aja mwawachita ndi manja. Mawu akuti `len(manambala) - 1` akupereka malo omaliza. Mzere wa `kumanzere += 1` ukusuntha chala chakumanzere malo amodzi, ndipo `kumanja -= 1` ukubweza chakumanja malo amodzi. Mawu akuti `None` kumapetoko akutanthauza kuti palibe chapezeka.

Mzere wofunika kuuyang'anitsitsa ndi `while kumanzere < kumanja`. Ukuuza kompyuta kuti ipitirize pokhapokha zala zisanakumane. Wina akalemba `<=` m'malo mwa `<`, kompyuta igwa mumsampha wa 65 uja, iwerenga nambala imodzi kawiri. Pofuna kudziwa ngati pulogalamu ili ndi vuto limeneli, ipatseni mitengo ija ndi 130. Yolembedwa bwino iyankha `None`.

Malire ake

Monga talembera apa, njirayi imaima ikangopeza awiri oyamba. Mwina alipo ena. Mukafuna onse, lembani omwe mwapezawo, musunthe zala zonse ziwiri malo amodzi kulowera pakati, n'kupitiriza mpaka zitakumana. Dziwaninso kuti imayankha za manambala awiri okha. Pofuna atatu, mumasankha nambala imodzi, n'kuichotsa pa chiwerengero chomwe mukufuna, kenaka n'kufufuza chotsalacho ndi zala ziwiri pa manambala enawo. Mukapanda kupeza, mumasankha ina n'kuyambiranso.

Yesani nokha

Lembani manambala awa: 5, 20, 25, 40, 70. Pezani awiri okwana 65. Nthawi iliyonse musanasunthe chala, nenani mokweza kuti "yaperewera" kapena "yapitirira", ndipo mutchule nambala imene ikuchoka. Mukatsata bwino, muphatikiza kanayi: 75, 45, 60, kenaka 65, zala zili pa 25 ndi 40. Mukamaliza, yesani 100 pa manambala omwewo, muone pamene zala zikumane.