Pamene kachipangizo ka pachala kamanama

Chiperoni chikakuta Mulanje mu Juni ndi Julayi, mabanja ena amagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala oyaka popanda mpweya wokwanira amatulutsa kaboni monokisaidi, mpweya wopanda fungo umene umakakamira ku himogulobini, mbali ya magazi yonyamula okosijeni, mwamphamvu koposa okosijeniyo ka 200.

Kachipangizo koyezera okosijeni kopanitsa pachala kamangoona mtundu wa magazi. Magazi ogwidwa ndi mpweyawu amakhala ofiira bwino, choncho kangasonyeze 98 peresenti pamene munthu akutha. Mutu, chizungulire ndi nseru zimafanana ndi malungo, koma banja lonse likadwala m'mawa umodzi, mbaula ndiyo yoyamba kuikayikira. Odwalawo atulutsidwe panja ndipo akapatsidwe okosijeni kuchipatala, nambala ikhale yokongola chotani.

Methemogulobinemiya imanamiza mwa njira ina. Mankhwala monga dapusoni wa khate amatha kusintha ayironi wa m'himogulobini kuti aleke kunyamula okosijeni. Milomo imachita bii, magazi amaoneka ngati chokoleti, ndipo nambala imakakamira cha pa 85 ngakhale wodwala apatsidwe okosijeni wambiri. Mankhwala ake, methilini buluu, ngoopsa kwa obadwa ndi vuto la G6PD, chifukwa amaswa maselo ofiira a magazi awo.