Kupweteka kwa Bondo Pokwera Zitunda

Ululu wa kutsogolo kwa bondo, womveka pokwera masitepe kapena munthu akayenda mtunda wautali, nthawi zambiri umachokera pomwe kafupa ka pabondo kamakhudzana ndi fupa la ntchafu. Minofu ya ntchafu ndi ya m'chiuno ikafooka, bondo limapindikira m'kati ndipo kafupako kamapanikizika mbali imodzi. Anthu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka angaumve kwambiri ululuwu akamayenda m'zitunda zolowera ku Dedza atasenza katundu, makamaka potsika.

Chothandiza ndi kulimbitsa minofuyi. Munthu amagona chagada pamphasa, n'kupinda mwendo umodzi, winawo n'kuuwongola ndi kuukweza mpaka ulingane ndi bondo lopindidwalo. Amawerenga mpaka 5 asanautsitse pang'onopang'ono, ndipo amabwereza ka 10, maulendo atatu. Pofuna kulimbitsa chiuno, amagona chammbali n'kukweza mwendo wapamwamba chidendene chili kumbuyo pang'ono; thupi likagubudukira kumbuyo, ntchitoyo yalakwika. Izi zikayamba kuphweka, amakwera ndi kutsika pakhonde lalifupi, bondo litalunjika chala chachiwiri cha phazi.

Masewerawa amachitika masiku atatu pasabata, ndipo kusintha kumaoneka pakatha masabata 6 mpaka 12. Ululu ukakula n'kufika tsiku lotsatira, achepetsedwe. Bondo lotupa, lotentha, lokanika kuwongoka kapena logwetsa munthu likaonedwe kuchipatala, monga cha Mishoni ya Mua.